Ndalama za mu saluni si zonse za ndiwo

Anzanga, achemwali anga ali ndi kasaluni pa msika wathu, ndipo Loweruka lililonse ndimakawathandiza kutunga madzi ndi kusesa tsitsi. Makasitomala sasowa. Koma mwezi watha a nyumba anatsala pang'ono kukhomapo loko chifukwa cha lendi. Ndikuti vuto ndi kachitini kamodzi komwe amaponyamo ndalama zonse, ndipo ine ndine mmodzi mwa amene timapisamo.

Loweruka lina ndinawerengera kuseri kwa kope langa la masamu. Tsikulo munalowa K15,000. Meshi amene analukira anthu anawagula K6,000. Mankhwala a tsitsi ndi shampu anatha a K2,000, mayunitsi a magetsi K1,000. Lendi ndi K30,000 pa mwezi, ndiye kuti K1,000 pa tsiku. Zonse pamodzi K10,000. Ndalama imeneyi si yawo ayi, ndi mpamba wofunika kubwerera pa shelefu. Yawo inali K5,000 basi.

Nanga anatapa zingati? K4,000 ya usipa, tomato ndi mafuta, K3,000 ya kuchigayo ndi sopo, K2,000 anandipatsa ine ya makope. Ndi K9,000 imeneyo. Tinadya K4,000 ya mpamba tsiku limodzi, wina osazindikira, poti madzulo m'chitini munali mukadali ndalama.

Zoterezi sizioneka msanga. Umangoona mabotolo akuchepa. Kenako kasitomala akafika amauzidwa kuti, “Kagulenitu meshi anu pa golosale apo, ine ndingokulukani.” Apo kaphindu ka pa meshi kapita kwa wina.

Nditawaonetsa anandiyankha kuti, “Iwe, saluniyi ndi yanga. Ndidzibere ndekha? Ana agone ndi njala ndalama ndili nayo?” Pamenepa sakunama. Bizinesi anaiyambira kuti pakhomo tizidya, ndipo mwana akatentha thupi usiku palibe angayambe kufunsa kope. Ine sindikuti asamatenge. Ndikuti azidzilipira ngati wantchito, mwina K3,000 pa tsiku, n'kuika m'chikwama china. Ndiwo zizichokera mmenemo. Yogulira katundu ndi ya lendi azichotseratu asanatseke, ngakhale kuisunga pa foni kuti isakhale pafupi ndi dzanja. K2,000 yotsalayo idikire masiku ngati Lachiwiri, pamene dalaya imangokhala osayatsidwa.

Pakagwa matenda kapena maliro, atenge ndithu, koma alembe kuti ndi ngongole yoti abweze. Azakhali obwera kudzalukitsa ulere aja nawonso alembedwe, chifukwa meshi awowo sanatoledwe pamsewu.

Panopa kope lilipo, ndinawagawira limodzi mwa aja anandigulira. Dzulo nditapempha K500 ya mandasi, anatsegula chikwama chawo, osati chitini, n'kundiuza kuti ya lero yatha. Ndabwera kusukulu ndi mbatata yowotcha.