Moni wa muulutsi ndiye amasankha oimba lamya

Pulogalamu yoimbira lamya pa wailesi imayenda kapena kugwa m'mphindi yake yoyamba. Muulutsi akangoti "Muli bwanji omvera nonse, imbani tikambirane," amaganiza kuti waitana aliyense, koma amene amaimba ndi omwe aja anazolowera, amuna a pa boma okhala ndi thokotaimu yambiri. Ndimaganizira zimenezi ndikaona malo ngati Luangwa, ku Feira, kumene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe, ndipo anthu ake ndi apachibale, olankhula Chinsenga, Chikunda ndi Chinyanja. Mwa zilankhulo zitatuzi, Chinyanja chokha ndicho chili pa zisanu ndi ziwiri za ZNBC Radio 1. Choncho muulutsi wa Chinyanja ali ndi udindo wouza Mnsenga ndi Mchikunda kuti nawonso akuitanidwa.

Choyamba n'kutchula malo. Tiyerekeze kuti nkhani ya tsikulo ndi njovu zimene zimalowa m'minda, vuto lodziwika bwino m'bomali. Muulutsi wodziwa ntchito angayambe chonchi: "Mwaswera bwanji amayi ndi abambo a kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi a kwa Mfumu Mphuka, inu a ku Katondwe, a pa boma, ndi abale athu a ku Zumbo ndi ku Kanyemba? Lankhulani m'chilankhulo chanu, timvana." Munthu akamva dzina la kwawo amatchera khutu, ndipo amasiya kuopa kuti amuseka pa kalankhulidwe. Ku Chipata, Gogo Breeze wa pa Breeze FM anatchuka potchula omvera ake kuti adzukulu, ndipo anthu ankamuuza madandaulo awo ngati akuuza agogo awo enieni. Si muulutsi aliyense angakhale gogo, koma aliyense ayenera kusankha kuti iye ndi ndani kwa omvera.

Chachiwiri ndi funso. Likhale limodzi, ndipo likhale lakuti munthu angaliyankhe kuchokera pa zimene waona ndi maso ake. Funso lakuti "Mukuganiza bwanji za nyama zakutchire?" limaitana odziwa kulankhula, ndipo pulogalamu imathera pa ndale. Koma lakuti "Njovu zinalowa liti m'munda mwanu, ndipo mutakanena kwa oyang'anira nyama chinachitika n'chiyani?" limaitana mayi amene wagona kudimba akuimba chitini usiku wonse. Mayankho otero amakhala ndi tsiku, mudzi ndi zimene zinawonongeka, zinthu zimene mkulu wa boma amene ali m'situdiyo sangazizembe.

Chachitatu ndi nambala, ndipo apa ndi pamene ambiri amathamanga. Nambala ya foni ya m'manja ku Zambia ili ndi manambala khumi. Itchulidwe kawiri, pang'onopang'ono, m'timagulu ta atatu kapena anayi, chifukwa womvera alibe cholembera pafupi. Akulemba pansi ndi chala kapena akuuza mwana kuti aidinde m'foni. Kwa amene ali ndi simu ya ku Mozambique kapena ya ku Zimbabwe, muulutsi anene kuti achotse ziro woyamba n'kuyamba ndi +260, ndipo awachenjeze kuti kuimba kodutsa malire kumadya ndalama zambiri, choncho angathe kutumiza uthenga wolemba. Anenenso poyera ngati situdiyo imabwezera lamya kwa amene wangoliza kamodzi n'kudula. Kwa munthu amene thokotaimu yake ndi ya makwacha ochepa, mawu amenewa ndi amene amamuuza ngati alowe kapena angomvera.

Pomaliza pabwere malamulo awiri okha: woimba atchule dzina ndi mudzi, ndipo achepetse wailesi yake. Wailesi ikakhala yokweza, mawu ake amalowanso m'foni n'kubwerera ku situdiyo, pamamveka kulira kobowola m'makutu, ndipo woimba amasokonezeka pomva mawu ake omwe akubwera mochedwa. Kunena zimenezi poyamba kumapulumutsa nkhalamba ku manyazi odulidwa pakati pa chiganizo.

Zonsezi zimakwana m'mphindi imodzi. Moni ukatalika, womvera amaiwala funso nambala isanafike. Njira yodziwira ngati wagwira ntchito ndi yosavuta: muulutsi alembe mudzi wa aliyense woimba, komanso ngati ndi mayi kapena bambo. Akaona kuti oimba asanu oyamba ndi amuna okhaokha a pa boma, asamanene kuti anthu akumidzi alibe chidwi. Abwereze moni pakati pa pulogalamu, atchule midzi imene sinamveke, ndipo anene kuti lamya ziwiri zotsatira ndi za amayi. Nkhani ya njovu amaidziwa bwino ndi olima, ndipo pulogalamu imene sinawamve sinakambe za Luangwa.