Pepala la kuchipatala silikhala mboni mpaka kalekale

Abale ndi alongo, lero ndilankhule ndi inu amene mwapeza bwenzi latsopano, kaya ndinu wachinyamata, kaya munaferedwa ndipo mukufuna kumanganso banja. Kuno ku Pembamoyo timadziwa kufunsa mudzi wa munthu, mfunda wake, ngakhale ng'ombe za kwawo. Koma tikafika pa za magazi, pakamwa pamauma. Ine ndikuti nkhaniyi ikambidwe musanalowane m'nyumba, ankhoswe asanayambe n'kuyenda komwe. Safunsa anadya phula.

Yambani ndi inu mwini. Musati, "Kodi munapimitsa?" chifukwa mnzanuyo adzamva ngati mlandu. Nenani kuti, "Ine ndinapimitsa mwezi wakuti, zinatuluka motere. Tiyeni tikapimitse limodzi, tikamvere pamodzi."

Wina adzati, "Pepala langa ili, ndilibe kachirombo." Yang'anani tsiku lake. Tinene kuti bamboyo anapimitsa mu Januwale, koma anagona ndi wina popanda kondomu mu Disembala. Kachipangizo kobaya pachala kaja kamafufuza asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi HIV, ndipo asilikaliwo amatha kutenga miyezi 3 kuti aoneke. Ndiye pepala la mu Januwale lingathe kunena kuti mulibe, pomwe kachirombo kalimo, ndipo masabata oyambawo ndi amene kamapatsirana msanga. Bamboyo sananame ayi, koma apimitsenso kumapeto kwa Malichi. Mpaka pamenepo dikirani; ngati simudikira, kondomu isasowe.

Mukapita ku kiliniki kapena kuchipatala cha ku Chadiza, pemphani akupimeninso chindoko. Kachilonda kake sikapweteka ndipo kamapola kokha, koma matenda amatsalira m'magazi, n'kudzavulaza mwana m'mimba. Jakisoni amachiza.

Nanga wina akapezeka nako, wina ayi? Apa ndi pamene ambiri amaopa, n'chifukwa chake amabisa. Komatu chibwenzi sichiyenera kuthera pamenepo. Womwa ma ARV tsiku ndi tsiku, amene magazi ake akuonetsa kuti kachirombo kachepa mpaka sikakuonekanso, sapatsira mnzake pogonana. Kufika pamenepo kumatha kutenga miyezi 6, ndipo panthawiyi amene alibe angathe kumwa mapiritsi oteteza otchedwa PrEP. Ngati muli kale pa mankhwala, nenani nokha, asadzachite kupeza botolo pansi pa mphasa.

Manyazi? A Kenneth Kaunda anauza dziko mu 1987 kuti mwana wawo Masuzgo anamwalira ndi Edzi. A Gideon Byamugisha, wansembe wa Anglikani ku Uganda, anaulula mu 1992 kuti ali ndi kachirombo. Iwo ananena pagulu. Inu mukungouza munthu mmodzi.

Ndipo mukauzidwa, sungani pakamwa. Si nkhani ya pachitsime. Koma amene akukana kupimitsa, n'kumangoti "simundikhulupirira", wakuyankhani kale.