Mbasela si ngongole

Pali khalidwe limene ise achinyamata a mu Lusaka timaliyesa nzelu, koma ni nkhanza chabe. Tikaloŵa mu Shoprite, mtengo umene walembedwa pa shelufu timalipila mwaulemu, mpaka kuthokoza pa tilu. Tikakhala mu lesitilanti ku East Park kapena ku Manda Hill na munthu amene tifuna kumuonetsa kuti tilimo, timasiya K20 pa tebulo osayang'ana kumbuyo. Koma tikafika kwa amai ogulitsa tomato m'komboni, mwadzidzidzi timasanduka akatswili a masamu. Mulu wa K10 tifuna pa K8, pamwamba pake tifunanso mbasela, ndipo akakana timachoka tikukamba kuti amai aja ni oumila. Ine nikuti tatembenuza zinthu. Mphamvu zathu zokambilana mtengo tikuzithela pa munthu amene alibe pochotsa.

Tiyeni tiŵelenge bokosi imodzi ya tomato. Mitengo ya tomato imakwela na kutsika kulingana na nyengo, choncho manambala awa ni oyelekezela, koma masamu ake mungaŵayese na mtengo wa lelo. Amai aja auka kukali mdima, akwela basi kupita ku Soweto Market kumene alimi amatsitsa katundu. Tinene kuti aoda bokosi pa K300. Mnyamata wa wilibala amene aipeleka ku siteshoni atenga K10. Basi yopita na yobwela, pamodzi na malo a bokosi, yadya K30. Msonkho wa pamsika K5, mapulasitiki K5. Asanagulitse olo tomato imodzi, K350 yatuluka kale.

Manje atsegula bokosi. Tinene kuti muli matomato 200. Apansi amakhala ophwanyika chifukwa cha kulemela kwa anzawo, ena ayamba kuola, choncho 20 apita. Atsala 180. Akaika anai pa mulu, milu ikhala 45. Pa K10 mulu umodzi, ndalama yonse ni K450. Chotsaniko K350 ija, phindu ni K100. Ndipo K100 iyo ibwela pokhapo ngati bokosi yonse yatha tomato isanafeŵe, zimene zingatenge masiku aŵili padzuŵa na pafumbi.

Apa ndiye ise tifika na mau athu okoma. Ngati aliyense wa makasitomala 45 achotsa K2, ndalama imene yachoka ni K90, amai atsala na K10. Ngati palibe amene wachotsa mtengo koma aliyense waumilila mbasela ya tomato imodzi, mulu ukhala wa matomato asanu, milu itsika kufika pa 36, ndalama ni K360, phindu ni K10 kachiŵili. Tikachita zonse ziŵili, monga mwamene ambili timafunila, milu 36 pa K8 ipatsa K288. Amai aja aseŵenza masiku aŵili kuti aluze K62 ya mpamba wawo. Maŵa bokosi siikwana, chilimba chiwayembekeza, ndipo njila imene yatsala ni ya kaloba. Kwa inu K2 ni kachenji kamene kamasoŵa m'thumba osazindikila. Kwa iwo, ikachulukitsidwa na 45, ni pamela ya unga na kapenta ka ana madzulo.

Nidziŵa zimene muzayankha. Muzati naimwe mulibe ndalama, nchito kulibe, ndipo ogulitsa ena akaona nsapato zabwino kapena makiyi a motoka amakweza mtengo. Zonsezi n'zoona. Koma kusoŵa kwanu sikuwonjezela matomato m'bokosi. Ngati muli na K5 chabe, kambani chilungamo kuti "Amai, nili na K5, nipimileniko ya K5." Azakupatsani aŵili, mwina atatu ang'ono, ndipo palibe amene waluza. Kumeneko n'kugula kulingana na thumba. Kufuna mulu wonse pa theka la mtengo n'kupempha kuti munthu wina akulipilileni chakudya.

Za kukwezeledwa mtengo, njila yodziŵila ni yosavuta. Zinthu zogulitsidwa pa mulu, monga tomato, anyezi, impwa, lepu na chibwabwa, mtengo wake umakhala umodzi pamzele wonse, chifukwa onse anaoda kumodzi ndipo amaonana. Funsani pa matebulo atatu. Ngati onse akamba K10, umenewo ndiye mtengo wa tsikulo, ndipo chimene mungasankhe ni mulu umene wakukondweletsani. Ngati mmodzi wakamba K15 pamene anzake akamba K10, palibe chokanganila, thokozani mupite pa tebulo ina. Msika umalanga wekha munthu wotele.

Nanga mbasela? Mbasela ni mphatso ya wogulitsa. Ni njila yake yokambila kuti mubwelenso. Imachokela pa tomato ija yofeŵa pang'ono imene siingafike maŵa, kapena pa chisangalalo chakuti mwagula zambili. Mukagula milu itatu, mwawachepetsela maola okhala padzuŵa na ngozi yakuti katundu aole, choncho kufunsa kuti "Palibe kambasela, amai?" kuli bwino, ndipo kambili azaika musanafunse. Koma kugula mulu umodzi na kuimilila dzanja lili lotambasula monga muli kulonjelela ngongole, n'kuononga mwambo wabwino. Amene amagula pa tebulo imodzi mlungu na mlungu amadziŵa kuti mbasela yeniyeni ni ija yakuti tsiku limene mwashota amakuuzani kuti tengani, muzabweletsa maŵa. Munthu amene mumamufinya tsiku lililonse sangakuchitileni zimenezo.

Sinikamba kuti kukambilana mtengo n'koipa. Kuli na malo ake, ndipo malo ake ni pamene wogulitsa waika mtengo woyambila podziŵa kuti muzatsitsa. Salaula ni chitsanzo chabwino. Jekete ilibe mnzake wofanana nayo pa tebulo yapafupi, siiola, ndipo mtengo wake umadalila tsiku. Belo ikangotsegulidwa, zovala zabwino zimakhala zodula chifukwa ndizo zibweza ndalama ya belo. Pakapita masiku, zotsala zimatsika. Pamenepo ngati wakuuzani K250, kukamba K170 si chipongwe, ndipo mungakumane pa K200 onse muli kuseka. Chimodzimodzi na foni yogwilapo kale nchito, sofa ya kwa kalipentala, kapena nsapato za mumseu.

Olo pamenepo pali malamulo aulemu. Yambani na moni, chifukwa "zingati?" yopanda "muli bwanji" imakweza mtengo yokha. Musanyoze katundu kuti mtengo utsike. Ngati jekete ni yoipa, muifunilanji? Musatchule mtengo umene simuli okonzeka kulipila. Mukakamba K200 ndipo wavomela, gulani, chifukwa kuchoka pamenepo n'kumuseŵeletsa munthu amene mwina wabweza kasitomala wina pokamba naimwe. Ndipo mukatsitsa mpaka K200 polila kuti ndiyo yonse muli nayo, musatulutse K500 na kuyembekeza chenji.

Pa taxi lamulo ni nthawi. Mtengo umakambidwa musanakwele, mutatchula bwino kumene mupita. "Ku Chelstone" na "ku Chelstone mkati, kupitilila msika, mseu wafumbi" ni maulendo aŵili osiyana, ndipo dalaivala amaŵelengela mafuta obwelela wopanda munthu. Mukagwilizana, nkhani yatha kwa onse aŵili. Iye asawonjezele pofika chifukwa munali magalimoto ambili mu Great East Road, naimwe musachotseko pa geti chifukwa ulendo waoneka waufupi. Ngati mwamuimika pa kantemba kapena mwamudikilitsa, mwasintha pangano, choncho ikaniponi kanthu musanauzidwe. Pa ma taxi oitana pa foni monga Yango, mtengo umaoneka musanavomele, ndipo umenewo ndiwo pangano. Mu minibasi mtengo si wokambilana mutakhala kale. Ngati mwashota, uzani kondakitala muli panja, avomele kapena akane. Madzulo iye afunika kupeleka ndalama yokwana kwa mwini basi, ndipo zimene zashota zimachoka pa gawo lake na la dalaivala.

Tibwele ku lesitilanti, kumene manja athu amamasuka. Tipu si yoipa, ndipo maweita ambili amaidalila. Koma yang'anani bilu poyamba. M'mahotela na m'malesitilanti ambili muzapeza sevisi chaji ya 10 pelesenti, imene cholinga chake ni anchito. Pa chakudya cha K400 imeneyo ni K40. Ngati ilipo, kuwonjezela n'kufuna kwanu, ndipo simufunika kuchita manyazi mukapanda kutelo. Ngati palibe ndipo mwatumikilidwa bwino, gawo limodzi pa magawo khumi ni muyeso wabwino. Mupatseni weita m'manja mwakachetechete, kuti ifike kwa amene wakutumikilani. Tipu yoponyedwa pa tebulo kuti anthu aone, mutamuitana na mluzu usiku wonse, siifafaniza chipongwe. Ndipo ku Matebeto, kapena pa kalesitilanti ka pamsika pamene mtsikana amakuthililani madzi osamba m'manja na kukubweletselani nsima yotentha, pamene palibe bilu olo sevisi chaji, mukamusiyila K5 simuzafa.

Onani mwamene zilili. K20 imene timasiya mosaganiza pa tebulo ya mu lesitilanti ni yofanana na K2 imene timalanda kwa ogulitsa khumi. Ndalama tili nayo yopatsa, koma timaipeleka kumene tizaoneka, na kuilanda kumene munthu sangatiyankhe chifukwa aopa kuluza kasitomala. Ambili a ise tinaphunzila sukulu na ndalama ya pa tebulo ngati ija. Yunifomu, mabuku na ndalama ya mayeso zinachokela pa milu ya tomato na ndiwo zamasamba. N'zomvetsa manyazi kuti amene analeledwa na K2 ya pamsika ndiwo akhala patsogolo kuichotsa kwa amai a anzawo.

Choncho musanatsegule pakamwa kuti "chotsankoni", dzifunseni mafunso aŵili. Kodi mtengo uyu waikidwa kuti utsitsidwe, kapena ni umodzi pamzele wonse? Ndipo ndalama imene nifuna kuchotsa ichoka pa phindu yaikulu, kapena pa chakudya cha munthu? Pa jekete ya salaula kambilanani mpaka mutope. Pa taxi kambilanani musanatsegule chitseko. Pa mulu wa tomato lipilani K10 yonse, ndipo mbasela ikabwela muilandile na manja aŵili.