Phunziro limodzi tisaligule kanayi



Teremu iliyonse mayeso akayandikira, dandaulo lomwe timamva kwa makolo kuno ku Mpingwe ndi limodzimodzi. Mwana wapempha ndalama ya bandulo Lolemba, akuti aonere phunziro la masamu pa YouTube, koma pofika Lachitatu wabweranso kuti yatha. Kholo limayamba kukayikira kuti mwanayo akuonera zina, ndipo nthawi zina kukayikirako kumakhala koona. Komabe ife taona kuti ngakhale mwana wokhulupirika amatha kumaliza bandulo m'masiku awiri, chifukwa chakuti amalipira phunziro lomwelo kangapo osadziwa.

Maganizo athu ndi awa: nyumba iliyonse imene ili ndi foni yolowa pa intaneti ikhale ndi akaunti yaulere yotsegulidwa pamaso pa kholo, ndipo phunziro lililonse limene mwana adzalibwereze azilitsitsa kamodzi n'kulisunga m'foni. Kuonera mwachindunji pa intaneti tikusiyire zinthu zoonera kamodzi kokha.

Tiyambe ndi mmene deta imathera. Mukamaonera kanema pa intaneti, foni imakoka zidutswa za kanemayo pang'onopang'ono, kukuonetsani, kenako n'kuzitaya. Mawa mukafuna kuoneranso, imakokanso kuyambira pachiyambi, ndipo bandulo imadulidwanso. Zili ngati kukwera minibasi kupita ku msika wa Limbe kukagula kapu imodzi ya mpunga tsiku lililonse, m'malo mogula thumba kamodzi.

Titenge mtsikana wa Fomu 4 amene akukonzekera MSCE ndipo wapeza phunziro la masamu la mphindi 20. Tinene kuti phunzirolo ndi lolemera 60 MB likakhala pa mlingo wa chithunzi wa 360p, umene umakwanira kuwerenga zolembedwa zikuluzikulu pa bolodi. Masamu samveka ulendo umodzi. Aonera Lolemba, abwereza Lachiwiri polemba ntchito ya kunyumba, abwerezanso Loweruka ndi mnzake, ndiye kachinayi usiku wa mayeso. Pa intaneti, maulendo anayiwo adya 240 MB. Akanatsitsa, akanalipira 60 MB basi. Bandulo ya 1 GB, yomwe ndi pafupifupi 1,000 MB, ikanamusungira maphunziro 16 otere, pomwe mwa njira inayo ikumufikitsa pa anayi okha. Ndipo apa tawerengera mokomera. Netiweki ikakhala yabwino, YouTube imatha kukweza yokha mlingo wa chithunzi kufika pa 720p, ndipo pamenepo deta imathamanga kuwirikiza kawiri kapena katatu mwana osazindikira.

N'chimodzimodzinso kwa ana amene akuloweza Qur'an pomvera wowerenga waluso. Sura imodzi amaibwereza makumi angapo. Palibe chifukwa choti kubwereza kulikonse kuzidula ndalama ya ndiwo.

Kuti batani lotsitsira ligwire ntchito, pamafunika akaunti ya Google, ndipo ndi yaulere. Mafoni ambiri a Android amakhala nayo kale, koma kawirikawiri imakhala yotsegulidwa ndi wogulitsa foni kapena wachibale wina, ndipo mwini foni sadziwa n'komwe pasiwedi yake. Ndi bwino kutsegula yanuyanu. Lowani mu YouTube, dinani You pansi kudzanja lamanja, sankhani Sign in, kenako Add account ndi Create account. Mudzalemba dzina, tsiku lobadwa, dzina la imelo ndi pasiwedi, ndipo nthawi zina amafunsa nambala ya foni yoti atumizeko manambala otsimikizira. Pasiwediyo ilembedwe m'kope n'kusungidwa ndi kholo. Manambala otsimikizira musauze munthu aliyense, ngakhale woimba foni wonena kuti akukuthandizani. Akaunti yaulere sifunsa khadi ya kubanki, Airtel Money kapena Mpamba. Mukangoona tsamba likufunsa zimenezi, dziwani kuti mwalowa ku mtundu wolipira wotchedwa Premium kapena mwagwa m'manja mwa akuba, ndipo bwererani.

Pa nkhani ya tsiku lobadwa tikupempha chilungamo. Google salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti yakeyake popanda kholo, ndipo pa ana otere pali njira ya Family Link imene kholo limayang'anira. Mwana wa Fomu 1 akadzilemba kuti ali ndi zaka 25, wanama, komanso wadzichotsera yekha chitetezo chimene chimabisa makanema osayenera msinkhu wake.

Akaunti ikatheka, konzani zinthu zitatu mu Settings musanatsitse kanthu. Choyamba, pa gawo la zotsitsa pezani Download quality n'kusankha 360p. Mlingo wa 144p ndi wopepuka kwambiri ndipo umakwanira ngati chofunika ndi mawu okha, koma manambala a pa bolodi saoneka. Chachiwiri, pali batani la Download over Wi-Fi only. Likakhala loyatsa, foni sitsitsa ndi bandulo yanu, imadikira waifai. Amene alibe kopezera waifai alizimitse, apo ayi kanema adzangokhala pamzere osatsika, iwo n'kumaganiza kuti foni yawonongeka. Chachitatu, zimitsani Autoplay, chifukwa ndiyo imayambitsa kanema wina phunziro likangotha, mwana atagona kale foni ili m'manja.

Kutsitsa kwenikweniko n'kosavuta. Pansi pa kanema pali batani la Download. Mukalidina, dikirani mpaka lisinthe kukhala Downloaded. Kenako yesani motere: yatsani Airplane mode, lowani pa You, tsegulani Downloads, n'kuyambitsa kanemayo. Akasewera mpaka kumapeto, ndiye kuti alidi m'foni. Akaima pakati kapena akakana, sanatsike yense. Mayeso amenewa ndi ofunika chifukwa ana ambiri amaganiza kuti atsitsa pomwe angodina Save, lomwe limangosunga dzina la kanema pa mndandanda. Kanema wa pa Save amadyabe deta nthawi iliyonse.

Tsopano tinene malire ake, kuti wina asadzatinene kuti tinalonjeza zosatheka. Kutsitsa pakokha sikuchepetsa deta ya ulendo woyamba. Kanema wa 60 MB ndi wa 60 MB, kaya mwamuonera pa intaneti kaya mwamutsitsa. Phindu limabwera pobwereza, komanso posankha nthawi ndi malo otsitsira: pa waifai ngati ilipo, kapena ndi bandulo ya usiku imene imakhala yotsikirapo mtengo. Chinthu choonera kamodzi n'kuchiiwala, kuchitsitsa n'kungodzaza foni.

Si kanema aliyense amene amalola kutsitsidwa mwaulere. Mwini kanema akhoza kukana, ndipo nyimbo zambiri zimafuna akaunti yolipira. Spotify, imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2021, ili ndi lamulo lofanana: pa akaunti yaulere mukhoza kutsitsa mapulogalamu oyankhula, koma osati nyimbo. Komanso zimene mwatsitsa pa YouTube zimakhala zotsekeredwa m'kati mwa YouTube momwemo. Simungazitumize kwa mnzanu pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ndipo simudzaziona pamodzi ndi zithunzi zanu. Foni imafunanso kulumikizidwa ku intaneti mwa apo ndi apo kuti itsimikize kuti kanemayo akadali wololedwa. Kwa makanema ena ndi pakatha maola 48, kwa ena ndi pakatha masiku 29. Kulumikiza kumeneku kumadya deta yochepa zedi, koma mwana wopita ku tchuthi kumudzi kopanda netiweki achite zimenezi asananyamuke. Ndipo mukatuluka mu akaunti kapena kufufuta YouTube kuti mupeze malo, musayembekezere kupeza maphunziro anu.

Alipo makolo ndi akuluakulu ena amene atiuza kuti kuphunzitsa ana zimenezi kuli ngati kuwatsegulira khomo lomwe tikanalitseka. Nkhawa yawo timaimva, ndipo sitikunena kuti mwana aliyense apatsidwe foni. Koma m'nyumba zambiri foni ilipo kale, ndipo mwana akuigwiritsa ntchito deta ili yoyatsa, pamene chilichonse chikhoza kumupeza. Mwana wowerenga ndi maphunziro otsitsa amawerenga deta ili yozima. Mauthenga salowa, makanema ena samukopa, ndipo kholo likhoza kutsegula Downloads n'kuona ndi maso zimene zili m'menemo, ngakhale lisadziwe Chingerezi chambiri. Kwa ife, limeneli ndi khomo lopapatiza kuposa lomwe lili lotsegula panopa.

Ena amati bwanji osangogwiritsa ntchito timapulogalamu tina timene timakoka kanema aliyense n'kumusandutsa fayilo yogawana. Sitikulimbikitsa zimenezo. Timapulogalamu totere timaphwanya malamulo a YouTube omwe munavomera potsegula akaunti, tambiri sitipezeka pa Play Store, ndipo tina timabwera ndi zotsatsa zonyansa kapena timadya deta mobisa. Mphunzitsi amene wakonza phunziro lake ali ndi ufulu wosankha mmene ligawidwire.

Pempho lathu lomaliza likupita ku komiti. Popeza zotsitsa sizigawika kuchoka pa foni ina kupita pa ina, mwana aliyense ayenera kutsitsa yekha, ndipo apa m'pamene kusonkherana kungathandize. Tikupempha kuti komiti iganizire zogula kachipangizo kamodzi ka waifai ndi bandulo ya mwezi, n'kupatula ola limodzi pa sabata, mwina Loweruka m'mawa. Aphunzitsi tizilemba pa bolodi mayina a maphunziro asanu amene tawaonera kale n'kutsimikiza kuti akugwirizana ndi silabasi. Ana 30 atatsitsa maphunziro asanu a 60 MB aliyense, ndiye 9,000 MB pa sabata, pafupifupi 36 GB pa mwezi. Si zochepa, n'chifukwa chake tikuti tiyambe ndi Fomu 4 yokha, ndipo komiti ifunse kaye mtengo wa bandulo yotere ku Airtel ndi ku TNM isanavomere. Bandulo yaikulu kawirikawiri imatsika mtengo pa MB iliyonse poyerekeza ndi timabandulo ta tsiku timene makolo akugula mmodzimmodzi.

Pamene komiti ikukambirana, kholo lililonse likhoza kuyamba madzulo ano. Khalani pansi ndi mwana wanu, mufunseni phunziro limodzi limene likumuvuta, litsitseni limodzi, kenako zimitsani deta muone ngati likusewera.