Madzi a masamba asamathiridwe m'diso lodwala

Pakati pa ziwalo zonse zimene anthu amazichiza ndi zitsamba, diso ndi limene silipirira kuyeserapo mankhwala, chifukwa bala limene likanapola pa mwendo n'kungosiya chipsera chopanda vuto, likapola pa diso limasiya munthu wosaona kwa moyo wake wonse. Mkangano wakuti mankhwala achikuda amathandiza kapena ayi pa matenda ena ndi wautali ndipo uli ndi malo ake, koma pa nkhani ya m'maso yokha palibe chokambirana: madzi ofinyidwa m'masamba, utomoni, phulusa, mkodzo ngakhalenso mkaka wa m'mawere siziyenera kulowa m'diso, ndipo amene amalangiza mnzake kutero amamuika pangozi, ngakhale atachita zimenezo mwa chikondi chenicheni.

Chifukwa chake chagona pa kapangidwe ka kachiwalo kotchedwa koniya, kamene ndi kagalasi koonekera bwino kophimba kutsogolo kwa mbali yakuda ya diso. Koniya ndi yopyapyala kwambiri, pafupifupi theka la milimita, ndipo mulibe mitsempha ya magazi, popeza magazi akanatchinga kuwala. Kusowa kwa mitsemphaku kumatanthauza kuti asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda amachedwa kufikako, choncho koniya imadalira misozi ndi kachikopa kosalala kamene kali pamwamba pake. Kachikopako kakakalika pang'ono kamatha kudzitseka kokha m'masiku awiri kapena atatu osasiya chizindikiro, koma bala likalowa pansi pake, pamene pali timinofu toyalidwa mwadongosolo kuti kuwala kudutse, thupi limakonza malowo ndi chipsera choyera chimene kuwala sikudutsa. Chipsera chachikulu ngati kambewu ka mapira, chikakhala pakati penipeni pa diso, chimakwanira kulepheretsa munthu kuwerenga kapena kuzindikira nkhope ya mwana wake.

Mbiri yabwino ya mankhwala a masamba inachokera pa chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa, chakuti kufiira kwa maso ndi chizindikiro cha matenda osiyanasiyana. Nthawi zambiri kufiirako kumabwera chifukwa cha mavairasi amene amagwira kansalu kophimba mbali yoyera ya diso, monga anachitira matenda a maso ofiira amene anayambira ku Karonga kumayambiriro kwa chaka cha 2024 n'kufalikira m'maboma ena, ndipo matenda otere amatha okha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Munthu amene anathira madzi a masamba tsiku lachitatu n'kuchira tsiku lakhumi amatamanda tsambalo, pamene diso lake lachira ngakhale linavutitsidwa. Umboni woterewu umayenda kuchokera kwa agogo kupita kwa adzukulu, mpaka mankhwala omwewo amadzathiridwa m'diso limene kufiira kwake kwayamba chifukwa cha bala la pa koniya, ndipo zotsatira zake zimakhala zina kotheratu.

Chitsanzo chimene ogwira ntchito m'zipatala za maso amachidziwa bwino ndi cha mlimi amene tsamba louma la chimanga lamukala m'diso nthawi yokolola. Tsiku loyamba amamva ngati mwalowa kachitsotso, misozi imangotuluka, ndipo kuwala kwa dzuwa kumamupweteka. Akanafika pa chipatala chaching'ono tsiku lomwelo, akanadonthezeredwa utoto wachikasu wotchedwa fuloresini, umene umamatirira pamalo pokhapo pamene kachikopa kachoka n'kuonetsa kukula kwa bala, kenako akanapatsidwa mankhwala opaka monga tetirasaikilini wa m'maso kuti ateteze balalo kwa masiku ochepa amene likudzitseka. M'malo mwake wachibale amathyola masamba m'mbali mwa njira, amawafikisa m'manja kapena kuwasinja mu mtondo umene dzulo lake munasinjidwa nsinjiro, amawakulunga pa kansalu, ndipo amafinyira madzi obiriwira m'diso m'mawa ndi madzulo. Pa tsamba lililonse la kutchire pamakhala njere zosaoneka ndi maso za mafangasi, amene ndi abale ake a chuku chimene chimamera pa chimanga chosauma bwino, ndipo m'manja, m'kansalu ndi m'madzi a pachitsime mumakhala mabakiteriya. Khungu la pa mkono limatha kuzitchinga zonsezi, koma koniya yokalika ili ngati munda wolimidwa kale umene ukungodikira mbewu.

Pakatha masiku angapo, pa mbali yakuda ya diso pamaoneka kadontho koyera kapena kotuwa, ndipo ichi ndi chizindikiro chakuti tizilombo tayamba kudya mnofu wa koniya. Ngati ndi mafangasi, kadonthoko kamakula pang'onopang'ono, m'mbali mwake muli manyanyenyanye ngati nthenga, ndipo kuchedwa kwakeko kumanyenga banja kuti mankhwala akugwira ntchito. Ngati ndi mabakiteriya aukali, koniya imatha kusungunuka m'masiku awiri kapena atatu okha. Kenako mafinya amasonkhana mkati mwa diso, kuseri kwa koniya, n'kukhazikika pansi ngati ufa m'kapu ya madzi, moti munthu woyang'anitsitsa amaona mzere woyera wopingasa kumunsi kwa mbali yakuda. Pofika apa chithandizo chimakhala chovuta ndi chodula, chifukwa bala la mafangasi limafuna mankhwala apadera monga natamaisini, odonthezedwa ola lililonse masiku oyambirira n'kupitirizidwa kwa masabata angapo, ndipo mankhwala amenewa sapezeka pa chipatala chilichonse. Bala likaboola koniya, madzi a mkati mwa diso amatayika, ululu umatha kuchepa mwadzidzidzi, ndipo wodwala amaganiza kuti wachira pa nthawi yeniyeni imene diso lawonongeka. Matenda akafalikira mkati monse, dokotala amatsala ndi ntchito yochotsa za mkati mwa disolo kuti athetse ululu ndi kuteteza moyo.

Pali mankhwala ena amene safuna n'komwe bala kuti awononge, popeza amalipanga okha. Utomoni woyera wa nkhadze ndi mitengo ya mtundu wake umawotcha kachikopa ka koniya m'kanthawi kochepa. Phulusa ndi loopsa m'njira imene mayi aliyense wophika therere angaimvetse msanga: chidulo chimafewetsa masamba olimba mu mphika chifukwa chimasungunula minofu yake, ndipo mphamvu yomweyo imalowerera mu koniya n'kupitiriza kuwononga ngakhale phulusalo litachotsedwa, n'chifukwa chake diso limene lalowa phulusa, laimu kapena utomoni liyenera kutsukidwa nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20 wodwala asananyamuke kupita ku chipatala. Mkodzo nawo, umene ena amautama kuti umachotsa manthongo, ungathe kunyamula tizilombo ta chinzonono, timene tili m'gulu la mabakiteriya ochepa otha kuboola koniya yopanda bala. Chomvetsa chisoni kwambiri ndi chizolowezi chothira mankhwala m'maso onse awiri pofuna kuteteza limene silinadwale, chifukwa chizolowezi chimenechi ndi chimene chimasandutsa vuto la diso limodzi kukhala khungu lenileni, makamaka kwa ana odwala chikuku, amene koniya yawo imakhala itauma kale chifukwa cha kuchepa kwa vitamini A.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti mankhwala oluma ndiwo amphamvu, ndipo kuti misozi ndi manthongo zotuluka pambuyo pake ndi matenda amene akuchoka. Chikhulupiriro chimenechi chiyenera kutsutsidwa poyera, chifukwa kulumako ndi kulira kwa mitsempha ya koniya imene ikupsa, ndipo manthongo ochuluka amasonyeza kuti kutupa kwawonjezeka.

Kuthira mankhwala achikuda m'maso kunafufuzidwapo m'dziko muno. Kafukufuku amene Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo anasindikiza m'chaka cha 1994 anafunsa odwala 583 amene anabwera ndi matenda a pa koniya m'zipatala ziwiri za maboma, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anavomera kuti anali atathira mankhwala achikuda. Amene anathirawo ankafika ku chipatala patapita masiku pafupifupi 51 chiyambireni kudwala, pamene anzawo ankafika patapita masiku 13. Manambala awiriwa akuonetsa kuti ngakhale tsamba lopanda poizoni aliyense limawononga, chifukwa limapatsa banja chikhulupiriro chakuti wodwala ali pa chithandizo, pamene masabata amene diso likanapulumutsidwa akutha.

Oikira kumbuyo zitsamba amanena kuti mankhwala ena a m'chipatala anachokeranso ku zomera, ndipo zimenezi ndi zoona, popeza atiropini, amene madokotala amadonthezera kuti atanule mwana wa diso ndi kuchepetsa ululu, anapezeka m'chomera. Koma amene amafika m'botolo amakhala atapatulidwa kuchoka ku zina zonse za m'tsambalo, atayezedwa mlingo wake, ataphedwa tizilombo, ndipo ngakhale zili choncho botolo lotsegulidwa limayenera kutayidwa pakatha pafupifupi mwezi umodzi poopa kuti mwalowa majeremusi. Palibe mtondo, chikho kapena kansalu kamene kangafike pa ukhondo woterowo. Dandaulo lolemera kwambiri ndi la mtunda, chifukwa banja limene lili kutali ndi chipatala, lopanda ndalama ya kabaza, silingadzudzulidwe ngati kuti linasankha mwa ulesi, ndipo udindo wofikitsa mankhwala oyamba a maso m'zipatala zazing'ono ndi wa boma. Komabe ngakhale pamene ulendo wachedwa, diso lotsukidwa ndi madzi owiritsa ozizira n'kusiyidwa lili pabwino kuposa diso lothiridwa masamba. Nawo madontho ogulidwa pa msika popanda kupimidwa sali bwino, chifukwa ena muli masiteroidi, mankhwala ochepetsa kufiira amene amafooketsa chitetezo cha koniya ndi kukulitsa bala la mafangasi.

Asing'anga okha ndi amene ali ndi mwayi waukulu wothetsa vutoli, popeza odwala ambiri amayambira kwa iwo. Ku Chikwawa m'zaka za m'ma 1990 asing'anga anaphunzitsidwa za matenda a maso ndi kulimbikitsidwa kutumiza odwala ku chipatala, ndipo chiwerengero cha ofika atachita kale khungu pakati pa ogwiritsa ntchito mankhwala achikuda chinatsika. Chimene sing'anga, mfumu kapena mphunzitsi ayenera kudziwa ndi chochepa: diso lofiira limene likupweteka kwambiri, likuopa kuwala, layamba kuona mwachimbuuzi, lavulala, kapena laoneka kadontho koyera pa mbali yakuda, liyenera kuonedwa ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo chimodzimodzi khanda limene zikope zake zatupa n'kumatuluka mafinya.

Mabanja ena amadzitonthoza kuti choyera chimene chatsala pa diso ndi ng'ala, ndipo madokotala adzachichotsa monga anachitira ndi agogo a m'mudzimo. Ng'ala yeniyeni ndi kuchita mtambo kwa kagalasi kena ka mkati mwa diso, kamene kamachotsedwa n'kuikapo kopangidwa pa opaleshoni yosatenga ola limodzi, monga zimachitikira ku Nkhoma, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Chipsera cha pa koniya chili pa khoma la diso lenilenilo, ndipo njira yochichotsera ndi kuikapo koniya yoperekedwa ndi munthu amene wamwalira, opaleshoni imene anthu ambiri a m'midzi ya m'Malawi sangaipeze, komanso imene kawirikawiri imakanika pa diso limene linapsa ndi phulusa kapena limene mitsempha ya magazi yamera kale m'chipsera chake.