Chenjezo: Chidakwa Chonjenjemera M'mawa Musachisiyitse Mowa Panokha

Inu amene amuna anu kapena akazi anu amamwa kachasu tsiku ndi tsiku, yang'anani manja awo m'mawa. Ngati akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndipo akupezako bwino pokhapokha akalawa kaye pang'ono, amenewo si matsire wamba. Thupi lawo lafika podalira mowa, ndipo kuwasiyitsa mwadzidzidzi pakhomo kungawaphe.

Ambiri akatopa amataya botolo, n'kumutsekera munthuyo m'nyumba kapena kumulumbiritsa kuti kuyambira lero basi. Musatero! Kunjenjemera kumayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza. M'masiku awiri oyamba munthu angathe kugwa ngati wa khunyu. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amabalalika mutu, thupi kutentha, n'kumaona tizilombo pakhoma pomwe palibe. Apa achibale amathamangira kwa sing'anga, amvekere amulodza. Si ufiti. Thamangirani kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala mosabisa kuchuluka kwa mowa umene amamwa ndi nthawi imene anamwa komaliza. Kusanza magazi, maso achikasu ndi kutupa mimba nazonso n'zosadikira mawa.

Wofuna kusiya ayambire kuchipatala, kumene amapereka mankhwala oletsa zoopsazi. Chipatala cha boma cha m'boma lanu chingakutumizeni koyenera, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ovutika ndi mowa.

Nanga nkhaniyi muiyamba bwanji? Osati usiku akungolowa ali dzandidzandi, chifukwa mawu anu sawakumbukira ndipo ndewu siichedwa. Dikirani mowa uwachoke, adye, ana atuluke. Mawu oti "chidakwa" asiyeni, ngakhale atakhala oona. Nenani chinthu chimodzi chimene munachiona ndi maso: "Bambo, Loweruka ndalama ya fetereza inathera kumowa, ndipo lero manja anu akunjenjemera. Ine ndikuopa. Tipitire limodzi kuchipatala Lachiwiri." Akakana, musatalikitse; mudzayambenso tsiku lina. Koma lekani kuwabwezera ngongole kwa wotcheza kachasu ndi kuwanamizira kwa abwana kuti adwala malungo. Kuwatchinjiriza kotero kumangowatalikitsira kumwa.

Ankhoswe ndi akumpingo aitaneni pamene mwayankhula kangapo koma osasintha, kapena chakudya chayamba kusowa pakhomo. Mudziwe malire awo: amayanjanitsa banja, sachiza matenda.

Pakalowa chibakera, chikwanje, kapena mawu oti "ndikupha", nkhani yachoka m'manja mwa ankhoswe, ndipo langizo loti "pirirani, banja ndi kupirira" musalimvere. Tengani ana mukagone kwina usiku womwewo, kenako mukanene kupolisi ku Victim Support Unit. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limakulolani kupempha khoti kuti liletse wankhanzayo kukuvutitsani. Akanena zodzipha, musawasiye okha: chotsani chingwe ndi mankhwala ophera tizilombo m'nyumba, ndipo muwatengere kuchipatala tsiku lomwelo.