Wakuba mwamuthamangitsa, koma walowera kuti?

Tiyerekeze wagolosale wa ku Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, amene akuba amuthyolera kawiri. Wagulitsa mpunga, wagula chitseko chachitsulo, maloko awiri ndi getsi la sola. Miyezi itatu yadutsa osaberedwa. Iye akuti zatheka. Ine ndikuti tifunse kaye anansi ake.

Wakuba sasiya kuba chifukwa choti wapeza loko. Amayang'ana pofewa. Chitseko chikalimba, amakanula lata kudenga kapena kuboola khoma la kumbuyo, makamaka ngati njerwa anamangira dothi m'malo mwa simenti. Getsi nalo likaikidwa pakhonde lokha limawalitsa kutsogolo, pomwe anthu amadutsa kale, n'kusiya mdima wandiweyani kuseri, komwe wakuba amagwirira ntchito yake. Ndiye getsi loyamba liyenera kupita kuseriko, ndipo likhale pamwamba poti munthu sangalifikire, kuopa kuti getsilo n'kukhala katundu woyamba kubedwa.

Za makamera sindichedwapo. Kamera imafuna magetsi usiku wonse komanso munthu woti aone chithunzicho n'kuzindikira nkhope. Wakuba wovala chipewa mumdima, kamera yotchipa imangomujambula ngati mthunzi.

Chachikulu n'chakuti wakuba akalephera pano amatha kusamuka. Apita pagolosale yachitatu yomwe ili ndi chitseko chathabwa, kapena asiya magolosale n'kuyamba makola a mbuzi m'midzi yozungulira, poti malire a Mozambique ali pafupi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe tisafulumire kunena kuti loko n'kutaya ndalama. Mu 2009 akatswiri awiri, Rob Guerette ndi Kate Bowers, adaunika kafukufuku 102 wa njira zoterezi. Adapeza kuti umbava udasamukira kwina pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse, ndipo kamodzinso pa kanayi udatsika ngakhale m'malo oyandikana omwe sadaikeko chilichonse. Wakuba amazolowera malo ake, njira zothawira ndi omugula katundu. Kumalo achilendo sakhala ndi mtima womwewo.

Nanga tidziwa bwanji zomwe zachitika kwathu? Komiti ya chitetezo cha m'mudzi ikhale ndi kope. Ilembe kuba kulikonse, tsiku, malo, chomwe chabedwa ndi polowera, osati pamsika pokha koma ndi m'midzi yoyandikira. Ngati miyezi isanu ndi umodzi getsi lisanaikidwe magolosale adathyoledwa kasanu ndi kamodzi ndipo mbuzi zidabedwa kawiri, kenako magolosale kawiri koma mbuzi kasanu ndi kamodzi, ndiye kuti umbava sudachepe, wangosintha khomo. Vuto ndi loti mwini mbuzi nthawi zambiri sakanena kupolisi, pomwe wagolosale amakanena, choncho kopelo liyenera kuyenda mpaka kwa anyakwawa.